Yankho la mawu anu a Lachisanu

Mponela, Lamlungu madzulo

A Kamanga,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Madisi Lachisanu lija, poti mvula inayamba minibasi yanu isananyamuke. Kuno tili bwino.

Mawu amene munandiuza tikutseka chipinda cha aphunzitsi ndinawamva onse. Ndinangoti "ndamva" n'kunyamula makope anga, ndipo mwina munaona ngati mwano. Pepani. Munandidzidzimutsa, komanso alonda anali chiimire pakhomo pomwepo kudikira makiyi. Ndasankha kulemba chifukwa ndimadzidziwa: nkhani ikandikulira pakamwa ndimaizungulira, ndimaseka posayenera kuseka, mpaka womvera amachoka akuganiza kuti ndalola.

Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndinaganizapo zotero, kukuuzani kuti ndikaganize kaye, kapena kuti tidikire mayeso adutse. Koma kumeneko kukanakhala kukusungitsani chiyembekezo chopanda kanthu, inu munthu amene munabwera poyera. Choncho ndinene mosabisa: zoti tikhale pa chibwenzi sizitheka. Mtima wanga sulozera kumeneko, ndipo sindikufuna kuti mudikire poganiza kuti teremu ikamatha ndidzasintha.

Musadzifufuze kuti mwalakwa pati. Simunalakwe. Munafunsira ngati munthu wamkulu, pamaso, osatuma mnzanu, osatumiza mauthenga a pakati pa usiku, ndipo munatchula ngakhale zokaonekera kwa amalume anga ku Ntchisi. Zimenezo ndaziona ndipo ndakuthokozani. Musavutikenso kufunsa kwa anzathu ngati pali wina. Kaya alipo kaya palibe, yankho likanakhala lomweli.

Chimene chandisowetsa tulo masiku awiriwa ndi ntchito. Ndinafika pasukulu pano mu 2022 ndisakudziwa munthu, ndipo ndinu amene munandipezera nyumba ya lendi kuseri kwa msika, n'kundibwereka desiki yanu mpaka yanga itakhomedwa. Chaka chatha, titasowa ziwiya zoyesera sitachi m'masamba, munakwera kabaza kukabwereka kusukulu ya anzathu, ngakhale kuti Bayoloje si phunziro lanu. Zoterezi munthu saiwala. Ndiye zingandipweteke kuti mawa tiyambe kuzembana pakhonde ngati ana a Folomu 1 okwiyirana chifukwa cha bolopeni. Pasukulu pano aphunzitsi tilipo 11 okha, chipinda chathu ndi chimodzi, ketulo ndi imodzi. Tikasiya kupatsana moni, pofika Lachitatu a Nambewe adzakhala atadziwa kale, ndipo mukuwadziwa kuti nkhani sigona m'kamwa mwawo. Ana nawonso maso awo ndi akuthwa kuposa momwe timaganizira. Ife timawaimika pa asembule kuwalangiza za zibwenzi, ndiye tisakhale ife nkhani ya kumjigo.

Kumbali yanga, nkhaniyi yathera pa pepala lino. Ahedi sindiwauza, mnzanga aliyense sindimuuza, ndipo simudzamva ndikuiponya ngati nthabwala pa nthawi ya tiyi. Ndikupempha kuti inunso muisunge chimodzimodzi.

Pali tinthu tiwiri timene ndikufuna tisinthe, ndipo musatitenge ngati chilango. Kundiperekeza madzulo tikaweruka kuja tisiye, ndizipita ndi anzanga a njira ya kumsika monga kale. Pafoni tizikambirana za ntchito, masana. Ndikuopa kuti tikapitiriza monga zinalili, ineyo ndidzakhala ngati ndikukana pakamwa kwinaku ndikukodola ndi dzanja.

Chitenje chija ndachiika mu envelopu yaikulu pamodzi ndi kalatayi, mu dirowa yanu ya pansi. Ndi chokongola, munasankha bwino, ndipo sindinachifunyulule. Ndinachilandira poganiza kuti ndi mphatso ya tsiku langa lobadwa basi. Tsopano poti ndadziwa mawu amene chinanyamula, sichingakhale bwino m'chiuno mwanga. Alongo anu amene mumawatchula aja chingawakhale ndithu.

Ngati mungafune masiku angapo oti tizingopatsana moni n'kudutsana, ndimvetsa, sindidandaula. Kalatayi simukuyenera kuiyankha.

Koma a Folomu 4 satidikira. Mayeso a MANEB akuyandikira, ndipo ahedi akufuna mafunso a mayeso oyeserera pofika Lachisanu. Gawo langa la Bayoloje ndamaliza, latsala ndi lanu la Ulimi ndi ndandanda ya oyang'anira mayeso. Ndidzakhala m'chipinda cha aphunzitsi Lachiwiri 2 koloko, a Mwale adzakhalaponso ndi Masamu awo. Mubwere ndi mapepala a chaka chatha aja, anga ena anadyedwa ndi chiswe.

Ndine mnzanu pantchito,
Tiyamike Gondwe