Marisepita a Adirenalini ndi Mankhwala Ake: Tebulo Loyerekeza la Ophunzira Zachipatala a Chaka Chachiwiri

Pepalali ndi lothandizira phunziro la Lachiwiri, ndipo mayeso a Lachisanu lino achokera pomwepa. Mubwere nalo pamene tikazungulira m'mawodi sabata yamawa.

Adirenalini ndi noradirenalini salowa m'selo. Amakakamira pa marisepita amene ali pakhungu la selo, ndipo risepita ndiye amene amauza selo chochita. N'chifukwa chake adirenalini yemweyo amafinya mitsempha ya magazi ya pakhungu koma n'kumasula njira za mpweya m'mapapo. Raymond Ahlquist ndi amene anagawa marisepitawa pawiri mu 1948, alefa ndi beta. Mu 1967 Lands ndi anzake anagawanso beta kukhala β1 ndi β2. Lero timawerenga mitundu isanu ndi inayi: α1A, α1B, α1D, α2A, α2B, α2C, β1, β2 ndi β3. Kwa inu magulu asanu a m'tebulo loyamba ndi okwanira.

Musayambe ndi kuloweza maina a mankhwala. Yambani ndi danga lachitatu, malo amene risepita aliyense amakhala. Mukalidziwa bwino dangali, ntchito ya mankhwala ndi zovuta zake muzipeza nokha.

Tebulo 1: Marisepita asanu

| Risepita | Uthenga m'selo | Kumene ali ndi zimene amachita akadzutsidwa | Mankhwala omudzutsa | Mankhwala omutseka |
|---|---|---|---|---|
| α1 | Gq: IP3 ndi DAG zimakwera, Ca²⁺ amachuluka | Mitsempha ya magazi imafinyika, bipi imakwera, khomo la chikhodzodzo ndi polositeti zimakungika, mwanadiso amatambasuka | feniliferini, okisimetazolini wa m'mphuno, amene amakhudzanso α2 | purazosini, dokisazosini, tamusulosini |
| α2 | Gi: cAMP imatsika | Kunsonga kwa mitsempha ya mauthenga amachepetsa kutuluka kwa noradirenalini, mu ubongo amatsitsa bipi ndi kuwodzetsa, m'kapamba amachepetsa insulini | kilonidini, metiludopa, dekisimedetomidini, burimonidini wa m'maso | yohimbini, mitazapini |
| β1 | Gs: cAMP imakwera | Mtima umagunda mofulumira ndi mwamphamvu, impso zimatulutsa renini | dobutamini | atenololo, bisopurololo, metopurololo |
| β2 | Gs: cAMP imakwera | Njira za mpweya zimatseguka, chiberekero chimamasuka, mitsempha ya magazi ya m'minofu imatambasuka, chiwindi chimatulutsa shuga, K⁺ amalowa m'maselo, manja amanjenjemera | salibutamolo, tebutalini, okhalitsa: salimeterolo, fomoterolo | palibe wosankha β2 yekha amene timapereka kwa odwala |
| β3 | Gs: cAMP imakwera | Khoma la chikhodzodzo limamasuka n'kusunga mkodzo wambiri, mafuta a m'thupi amasungunuka | mirabegironi | palibe amene timapereka kwa odwala |

Funso limene limabwera chaka chilichonse ndi ili: ngati β1 ndi β2 onse amakweza cAMP, bwanji wina amalimbitsa mtima pamene mnzake amafewetsa njira za mpweya? Kusiyana kuli pa selo lolandira uthengawo. M'selo la mtima, cAMP imadzutsa PKA, amene amatsegula njira zolowera Ca²⁺, ndiye mnofu umakoka mwamphamvu. M'minofu yosalala ya m'mapapo ndi m'chiberekero, cAMP imafooketsa MLCK, enzayimu imene mnofuwo umadalira kuti ukungike, ndiye umamasuka.

Samalani ndi α2, pakuti iyeyu ndi buleki. Mukamudzutsa, mauthenga okweza bipi amachepa. Choncho metiludopa ndi kilonidini, ngakhale ali m'danga la odzutsa, amatsitsa bipi. Metiludopa payekha sagwira ntchito. Thupi limayamba lamusandutsa alefa-metilunoradirenalini, ndipo ameneyu ndiye amakadzutsa α2 mu ubongo. Amene alembe pamayeso kuti metiludopa amatseka alefa ataya malikisi onse a funsolo.

Tebulo 2: Mankhwala okhudza marisepita angapo

| Mankhwala | Amachita chiyani, pati | Timawapereka pa chiyani | Chenjezo |
|---|---|---|---|
| adirenalini | amadzutsa α1, α2, β1, β2 | anafilakisisi, mtima ukaima, kusakaniza ndi liginokeni | kusokoneza mlingo. Mtima kugunda mosalongosoka |
| noradirenalini | amadzutsa α1, α2, β1. Β2 pang'ono chabe | bipi ikagwa chifukwa cha sepisisi | akatayikira kunja kwa mtsempha amapha minofu |
| isopurenalini | amadzutsa β1 ndi β2 | mtima ukamagunda pang'onopang'ono kwambiri | mtima kuthamanga mopyola |
| efedirini | amatulutsa noradirenalini wosungidwa, amadzutsanso α ndi β | bipi ikagwa pambuyo pa jakisoni wa pamsana ku fiyeta | mphamvu yake imachepa mukabwereza pafupipafupi |
| puropuranololo | amatseka β1 ndi β2 | kunjenjemera, kupewa mutu waching'alang'ala, chithokomiro chogwira ntchito mopyola, kupewa kutaya magazi m'mitsempha yotupa ya kummero | mphumu |
| timololo | amatseka β1 ndi β2 | gulaukoma, ngati madontho a m'maso | mphumu. Mtima wogunda pang'onopang'ono |
| labetalolo | amatseka α1, β1, β2 | bipi yokwera mwa amayi oyembekezera | mphumu |
| kavedilolo | amatseka α1, β1, β2 | mtima wofooka umene wakhazikika | ayambidwe pa mlingo wochepa |
| fentolamini, fenokisibenzamini | amatseka α1 ndi α2 | feokiromosaitoma | bipi kugwa, mtima kuthamanga |

Pa adirenalini ndikhalitsa, chifukwa apa cholakwa chimapha. Pa anafilakisisi timafuna marisepita atatu nthawi imodzi: α1 akweze bipi ndi kuphwetsa kutupa kwa pakhosi, β1 alimbitse mtima, β2 atsegule mapapo ndi kuchepetsa kutuluka kwa hisitamini. Haidirokotizoni sachita zimenezi m'mphindi zoyambazo, ndipo salowa m'malo mwa adirenalini. Munthu wamkulu timamubaya 0.5 mg, ndiye kuti 0.5 mL ya 1:1000, mumnofu wa ntchafu chakunja, n'kubwereza pakatha mphindi 5 ngati sizikusintha. Mtima ukaima, mlingo ndi 1 mg mumtsempha, ndiye kuti 10 mL ya 1:10000, pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse. Ya 1:1000 ili ndi 1 mg mu mL imodzi, mphamvu yoposa inayo kakhumi. Muziwerenga kabotolo mokweza mnzanu akumva musanakoke.

Tsopano za kusankha. Tikamati atenololo amasankha β1, tikutanthauza kuti amamukonda koposa β2, osati kuti β2 samukhudza konse. Mlingo ukakwera kusankhako kumachepa. Choncho musanalembe mankhwala alionse otseka beta, funsani: "Agogo, munadwalapo mphumu? Mumabanika usiku, kapena pachifuwa pamalira mluzu?" Yang'ananinso m'kabuku kawo kachipatala ngati analandirapo mankhwala opopera. Wodwala mphumu sapatsidwa puropuranololo. Timololo wa m'maso nayenso amaiwalika: dontho limatsika kudzera m'kanjira ka misozi n'kufika m'mphuno, kumeneko limalowa m'magazi osayamba ladutsa m'chiwindi, ndipo likhoza kubanikitsa munthu. Mbali inayo ndi chimodzimodzi. Salibutamolo amakonda β2, komabe wodwala amene wapopera kambiri amadandaula kuti mtima ukuthamanga. Kunjenjemera kwa manja kokha ndi kwa β2 yemweyo, ndipo K⁺ wa m'magazi amatsika chifukwa walowa m'maselo. Kutsikako timakugwiritsanso ntchito: salibutamolo ndi mmodzi mwa mankhwala othandiza potaziyamu akakwera kwambiri.

Kwa odwala shuga amene ali pa insulini kapena gilibenikilamaidi, otseka beta amabisa zizindikiro za kutsika kwa shuga. Kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera sizioneka, ndipo chiwindi chimachedwa kubweza shuga ngati β2 watsekedwa. Thukuta lokha limatsala, chifukwa timatumba ta thukuta timamvera asetilukolini. Muwauze odwala oterewa kuti thukuta lozizira lobwera mwadzidzidzi asalichepse.

Otseka beta sasiyidwa mwadzidzidzi. Atatsekedwa nthawi yaitali, marisepita amachuluka, ndipo mankhwala akachoka tsiku limodzi mtima umamva adirenalini mopyola. Amene ali ndi vuto la mitsempha ya mtima angayambe kumva kupweteka pachifuwa. Izi sizichitika pokhapokha dokotala akalakwitsa. Zimachitikanso mankhwala akatha kunyumba wodwala asanapeze ndalama yokwerera, kapena akapeza kuti kufamase kulibe, ndiye muzifunsa tsiku limene anamwa piritsi lomaliza. Kilonidini naye akasiyidwa mwadzidzidzi bipi imakwera koposa poyamba. Musaphatikize wotseka beta ndi verapamilo popanda dokotala wamkulu, pakuti onse amachedwetsa uthenga mumtima.

Pa mtima wofooka pali chinthu chooneka ngati chotsutsana. Bisopurololo ndi kavedilolo amatalikitsa moyo wa wodwala amene wakhazikika, koma wodwala amene wafika akubanika, mapapo atadzaza madzi, simumuyambitsa mankhwalawa tsiku limenelo. Puropuranololo, amene gulu lonseli linadziwika naye, anachokera ku ntchito ya James Black, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1988.

Ku sikelo ya amayi oyembekezera mukakumana kwambiri ndi metiludopa. Amawodzetsa ndipo angabweretse kukhumudwa, n'chifukwa chake mayi akachira timamusinthira mankhwala ena. Atenololo timamupewa pa pakati chifukwa amagwirizana ndi kusakula bwino kwa mwana m'mimba.

Otseka α1 vuto lawo mungalidziwe poyang'ana tebulo loyamba: mitsempha ikalephera kufinyika, munthu akaimirira magazi amatsalira kumiyendo ndipo amachita chizungulire, makamaka pa piritsi loyamba la purazosini. Bambo wachikulire wovutika kukodza muwauze amwe piritsi loyambalo pogona, ndipo akadzuka usiku ayambe akhala pansi kaye. Tamusulosini amakonda α1A, amene ali wochuluka mu polositeti, ndiye satsitsa bipi kwambiri. Koma ngati bamboyo akukachotsedwa ng'ala, dokotala wa maso adziwitsidwe, chifukwa mankhwalawa amalefula mnofu wozungulira mwanadiso ndipo opaleshoni imavuta. Madontho otsegula mphuno, amene amadzutsa α1, asapitirire masiku ochepa, apo ayi mphuno imatsekeka koposa kale.

Feokiromosaitoma mwina simudzaiona kawirikawiri, koma pamayeso imabwera: timayamba kutseka alefa, beta pambuyo. Mukayamba ndi beta, mwachotsa β2 amene amatambasula mitsempha, α1 n'kutsala yekha akufinya, ndipo bipi imakwera moopsa.

Ntchito yobweretsa Lachisanu, yolemba pamanja, tsamba limodzi:

1. Mayi wa zaka 58 wodwala mphumu wayamba kubanika patatha sabata chiyambire madontho a gulaukoma. Tchulani risepita wokhudzidwa, fotokozani njira imene mankhwala afikira kumapapo, ndipo tchulani madontho ena a m'Tebulo 1 amene satseka beta.
2. Mnyamata walumidwa ndi njuchi, milomo yatupa, bipi ndi 80/50. Lembani mankhwala, mlingo, malo obaya, ndi ntchito ya risepita aliyense mwa atatu aja.
3. Bambo amene amamwa puropuranololo wagwidwa ndi anafilakisisi. N'chifukwa chiyani adirenalini angalephere kugwira bwino ntchito, nanga gulukagoni angathandize bwanji pamene sadutsira pa risepita wa beta? Yankho lili pa cAMP.