Moni wa pa benchi yodikirira kuchipatala

MAYI: Zikomo agogo, kodi malo awa ali ndi mwini wake, kapena ndikhale nawo pambali panupa?

AGOGO: Khalani mwanangu, amene anali apawa awaitana kale.

MAYI: Zikomo kwambiri. Mwadzuka bwanji agogo, nanga kunyumba mwasiyako bwanji?

AGOGO: Ndadzukako pang'ono, ndipo kunyumba ndasiya onse ali bwino, kaya inu ndi mwana ali kumsanayo?

MAYI: Ine ndadzuka bwino, koma mnzanuyu wachezera kutentha thupi usiku wonse, choncho ndaona kuti m'malo momugulira mankhwala kugolosale ndibwere naye kuti amuyeze magazi, chifukwa nyengo ya mvula ino udzudzu wachuluka kwambiri kwathu kwa Mponda.

AGOGO: Pepani mwanangu, koma mwachita bwino kufulumira naye, pakuti malungo a mwana sachedwa kukula. Ine ndachokera ku Malindi, ndipo ndanyamuka kusanache pa galimoto ya matola imene inadzaza ndi mabasiketi a usipa, moti pofika pa mlatho wa Shire miyendo yanga inali itachita dzanzi. Simunandifunse chimene ndadzera, ndipo umenewo ndi ulemu, koma ndikuuzani ndekha: ndimadzalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo lero ndi tsiku limene anandilembera m'buku.

MAYI: Pepani agogo, ulendo umenewo ndi wautali kwa munthu wamkulu ngati inu. Kodi mwabwera nokha?

AGOGO: Ndabwera ndekha, chifukwa mdzukulu wanga amene amandiperekeza wapita kusukulu. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti makutu angawa sakumvanso bwino, ndipo anamwino akamaitana mayina pakati pa phokoso la anthu onsewa, ndikhoza kudumphidwa ine ndili chikhalire pompano.

MAYI: Zimenezo zisakuvuteni. Mundinong'oneze dzina limene lili pa buku lanu la kuchipatala, ndipo akangolitchula ndikugwirani pamkono, komanso popeza ine ndakupezani pano, palibe chifukwa choti ndilowe inu musanalowe. M'botolomu muli madzi akumwa, imwaniko pang'ono, chifukwa kutentha kwa kuno ku boma sikuona kuti kunja kuli mitambo.

AGOGO: Mulungu akudalitseni mwanangu, munaleredwa bwino. Koma za kulowa poyambazo sindikuvomerezani, pakuti matenda angawa ndakhala nawo nthawi yaitali ndipo akhoza kudikira, pamene mwana wotentha thupi sayenera kukhalitsa pa mzere. Pitani mukawauze anamwino momwe wagonera, mwina amuona msanga.

MAYI: Chabwino agogo, ndamva, ndipo ndipita pompano. Ndikawauzanso kuti pa benchi pano pali agogo a ku Malindi amene samva bwino, kuti nthawi yanu ikakwana adzakutengeni okha. Mundisungireko chikwama ichi ndi malo angawa, ndibweranso.