Kuyanika mtedza ndi nkhani ya chuku: zoonjezera pa vidiyoyi

Zikomo nonse amene mwaonera. Vidiyoyi tinajambula kumunda kwa amalume kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji, kumapeto kwa Epulo tikukumba mtedza wa CG7. Mphepo inatisokoneza mawu penapake, ndiye ndati ndilembe pano zimene sizinamveke bwino.

Amene mukufuna kudumpha: kudziwa kuti mtedza wakhwima kuli pa 01:40, kuyanika mtedza pa mulu wotchedwa Mandela pa 04:15, kuswa ndi kusankha pa 09:30.

Pa kukhwima paja, musamangodalira masamba kuti achita chikasu, chifukwa matenda a mawanga amathothola masamba mtedza usanakhwime. Zulani mapesi angapo m'malo osiyanasiyana a munda, muswe makoko. Ngati ambiri m'kati mwake muli madontho akuda, kumbani. CG7 amatenga masiku 130 mpaka 150, pomwe mtedza wa Kakoma umafulumira, ndipo Kakoma mukamuchedwetsa mvula n'kugwa amayamba kumera ali m'nthaka momwemo.

Tsopano chuku, chomwe ndi chifukwa chenicheni tinajambulira. Nkhungu ija imamera pa mtedza wachinyezi imatulutsa poizoni amene alangizi amamutcha afulatokisini. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Akachuluka m'thupi amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, komanso ofufuza amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: mtedza wabwino timagulitsa, mphwephwa ndi woola uja n'kutsala pakhomo, ndiye womwe timasinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Tikamasankha, wotayidwawo uzitayidwadi. Ngakhale nkhuku musazipatse.

Pa 04:15 mwaona amalume akuzunguliza mapesi, makoko ataloza m'kati, masangwi kunja, pakati atasiya mpata woti mphepo izikwera, pamwamba n'kuvindikira ndi udzu. Cholinga chake n'choti mtedza uume pang'onopang'ono osakhudza dothi komanso osanyowa ndi mame kapena mvula yotsalira. Ena amati ndi ntchito yambiri kuyerekeza ndi kungothothola n'kuyanika pabwalo kapena padenga la malata. Ntchito ilipodi, sindikana. Koma pamalata dzuwa limaotcha kwambiri, khungu la njere limasupuka ndipo mbewu yake simera bwino chaka chamawa. Mtedza ukauma mudzaudziwa: mukagwedeza chikoko, njere zimalira m'kati.

Pa 09:30 azakhali akuseka chifukwa ndinawafunsa za kuwaza madzi. Tonse timadziwa kuti ambiri amanyowetsa makoko kuti afewe, zala zisapweteke pouswa, ndipo ena amatero kuti thumba lilemere pa sikelo. Apa ndi pomwe mtedza wouma bwinobwino umaonongekera, chifukwa umalowa m'thumba uli ndi chinyezi. Ngati simukugulitsa msanga, usungeni wosaswa, m'masaka olowa mphepo, pamwamba pa mitengo osati pansi, komanso osagundika kukhoma.

Pali funso lomwe ine ndi amalume sitinagwirizane, ndipo ndikufuna maganizo anu. Iwo akuti kusankha mtedza n'kudzibera wekha, poti venda wa pamsika amagula mtengo umodzi, wosankha ndi wosasankha yemwe, ndiye iwe wangochepetsa makilogalamu. Ine ndikuti kudzera m'kalabu kapena kopaletivi wogula amayang'ana ubwino wa mbewu, ndipo misika yakunja imakana mtedza wachuku. Ku Ulaya malire a afulatokisini ndi magawo 4 okha pa biliyoni imodzi pa mtedza wodya anthu. Amalume anandiyankha kuti iwo Ulaya sanamuonepo atabwera ndi sikelo pa Kamwendo. Ndinasowa chonena.

Ndiye inu alimi a ku Mkanda, Kapiri, Waliranji, ndi anzathu a ku Santhe ndi Chamama ku Kasungu, alipo amene anagulitsapo mtedza wosankha pamtengo wokwererapo? Munagulitsa panokha kapena pagulu? Potiyankha mutchule dera lanu ndi mtundu wa mtedza umene munadzala, kaya CG7, Nsinjiro, Kakoma kapena Chalimbana wakale uja, chifukwa zochitika ku dothi lamchenga sizifanana ndi za ku katondo. Ngati mukuona kuti amalume akulondola, nenani ndithu, ndikawawerengera.

Pempho langa limodzi: musaike manambala a foni kapena zotsatsa malonda pano, ndizichotsa, chifukwa akuba amatolera manambala malo ngati ano n'kumanamiza anthu kuti ndi ogula mbewu. Mayankho ndimawerenga madzulo netiweki ikakhala bwino. Mafunso okhudza matenda a kadukutu ndi kudzala mizere iwiri alembeni pansipa, ndikuwasonkhanitsa kuti ndikafunse alangizi a ku Chiosya tisanajambule ina mvula ikamayandikira.