Tebulo la kagawidwe ka mafunso: Chinyanja, Giredi 6, mayeso otsekera temu yachiwiri

Chipata, Julayi 2024. Makalasi: 6A, 6B ndi 6C, ana onse 164. Malikisi 40. Nthawi: ola limodzi ndi mphindi 15. Wokonza: mphunzitsi woyang'anira mayeso a Giredi 5 mpaka 7, mogwirizana ndi aphunzitsi a makalasi atatuwa.

Aphunzitsi anzanga, musanalembe funso ngakhale limodzi, yambani mwaona tebulo ili. Pepala la temu yatha titaliwerengera bwino tinapeza kuti malikisi 14 mwa 40 anapita ku miyambi, mutu umene tinauphunzitsa sabata imodzi yokha, ndipo malikisi 31 anali ongofuna kuti mwana abweze zimene analoweza. Pepalalo ndinalivomereza ndine, choncho sindikuloza munthu chala.

Mmene tapezera malikisi a mutu uliwonse

Tawerenga mapiriyodi amene tinaphunzitsadi, monga zalembedwera m'mabuku athu a ntchito yomwe yachitika, osati amene tinalonjeza m'masikimu kumayambiriro kwa temu. Onse akwana 50. Kawerengedwe kake ndi aka:

mapiriyodi a mutu ÷ 50 × 40 = malikisi a mutuwo

Kumvetsa nkhani kunatenga mapiriyodi 14, ndiye 14 ÷ 50 × 40 = 11.2, tatenga 11. Titatero ndi mitu yonse malikisi anakwana 39. Imodzi yotsalayo taipereka ku kalata, chifukwa ndi pokhapo pamene mwana amalemba zochokera m'mutu mwake.

| Mutu | Mapiriyodi | Kukumbukira | Kumvetsa | Kugwiritsa ntchito | Kuganiza mozama | Malikisi |
|---|---|---|---|---|---|---|
| Kumvetsa nkhani | 14 | 3 | 4 | 1 | 3 | 11 |
| Mayina ndi magulu ake | 9 | 3 | 2 | 2 | 0 | 7 |
| Aneni ndi nthawi zawo | 8 | 2 | 2 | 2 | 0 | 6 |
| Miyambi, zining'a ndi zilapi | 7 | 2 | 2 | 1 | 1 | 6 |
| Zizindikiro za m'kalembedwe | 4 | 1 | 0 | 2 | 0 | 3 |
| Kulemba kalata yaubale | 8 | 1 | 2 | 2 | 2 | 7 |
| Zonse pamodzi | 50 | 12 | 12 | 10 | 6 | 40 |
| Peresenti | | 30 | 30 | 25 | 15 | 100 |

Ndakatulo simuziona m'tebulomu. Zinali m'sikimu, 6A ndi 6B anaziyamba, koma 6C sinafikepo chifukwa mapiriyodi ake anadyedwa ndi masewera a zoni. Pepala ndi limodzi la makalasi onse, ndiye sitingafunse ana 55 zinthu zimene sanazimvepo. Mapiriyodi a ndakatulonso sitinawaike mu 50 uja. Zidzalowa temu yachitatu.

Misinkhu ya kaganizidwe

Tatsata misinkhu ya Bloom ija tinaphunzira ku koleji, ya 1956, monga anaikonzanso Anderson ndi Krathwohl mu 2001. Ilipo isanu ndi umodzi. Itatu yapamwamba, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano, taiphatikiza m'danga limodzi la "kuganiza mozama", poti pepala la malikisi 40 silingapatse uliwonse danga lakelake.

Apa ndi pamene timakonda kudzinamiza. Msinkhu wa funso suoneka pa mawu oyambira funsolo, koma pa ntchito imene mwana agwire kuti ayankhe. Mukalemba kuti "Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga", pomwe tanthauzolo munawalembera pa bolodi ndipo anakopera m'makope, funsolo ndi la kukumbukira, ngakhale layamba ndi "fotokozani". Onani mwambi womwewo ukukwera:

Kukumbukira: Malizitsani mwambi uwu: Mutu umodzi ...

Kumvetsa: Ndi mwambi uti mwa inayi umene ukufanana tanthauzo ndi "mutu umodzi susenza denga"? (Yankho: chala chimodzi sichiswa nsabwe.)

Kugwiritsa ntchito: Mnyamata wakana kuti anzake amuthandize kukweza matumba a nshawa pa ngolo, ndipo dzuwa lalowa asanamalize. Agogo ake amuuza mwambi uti?

Kuganiza mozama: Amayi ena akuti mwambiwu sugwira ntchito pa mayeso, pakuti aliyense amalemba yekha. Ndi yankho liti mwa anayi limene likuwatsutsa bwino koposa?

Pa mayinanso ndi chimodzimodzi. Kufunsa gulu la dzina lakuti "chipewa" ndi kukumbukira. Kumupatsa mwana chiganizo chimene sanachionepo, monga "Chipewa changa chatsopano chagwera m'chitsime", kuti asinthe zipewazo zikhale zambiri, ndi kugwiritsa ntchito, chifukwa ayenera kusintha agwirizanitsi onse, nasiya "chitsime" monga chilili. Ambiri adzalemba "m'zitsime", ndipo yankho limenelo likhalepo pa zosankha.

Madanga amene muli 0 asakuvuteni. Funso lozama pa mpumiro ndi mpatuliro lingakhale longokakamiza.

Kaimidwe ka pepala ndi olemba

Gawo A, mafunso 1 mpaka 11: kumvetsa nkhani. Alembe ndi aphunzitsi a 6A. Nkhani ikhale yatsopano, ya mawu pafupifupi 200, osati yotengedwa m'buku limene ana awerenga kale. Tagwirizana za mtsikana amene waperekeza amayi ake kukagulitsa nshawa ku msika wa Kapata, nkhani imene mwana wa m'tauni ndi wochokera kumudzi onse angaitsate. Mafunso 9, 10 ndi 11 ndiwo ozama: chifukwa chimene amayi anakanira mtengo woyamba (nkhani isachitchule poyera), ngati mtsikanayo anachita bwino kubweza chenji chopitirira, ndi mutu woyenera nkhani yonse.

Gawo B, mafunso 12 mpaka 33: mayina 12 mpaka 18 ndi aneni 19 mpaka 24, aphunzitsi a 6B, miyambi 25 mpaka 30 ndi zizindikiro 31 mpaka 33, aphunzitsi a 6C. Mafunso 1 mpaka 33 ndi osankha yankho pa A, B, C ndi D, lililonse malikisi imodzi, kuti ana azolowere mafunsidwe amene akakumane nawo chaka chamawa pa mayeso a Giredi 7 a Examinations Council of Zambia. M'mutu uliwonse yambani ndi ophweka. Mayankho olondola amwazike. Temu yatha C anali wolondola kasanu kotsatizana, ndipo ana ochenjera anazindikira.

Gawo C, funso 34: kalata yopita kwa amalume ku Katete, kuwapempha kuti mukawachezere pa holide. Poyamba tinati alembe za mwambo wa Kulamba ku Mkaika, koma tasiya, pakuti amene sanapiteko akanasowa cholemba pa chifukwa chosakhudza Chinyanja. Kachongedwe: keyala ndi deti, 1, kuyankha zimene funso lapempha, 2, malonje, ndime ndi mawu otsiriza m'malo mwake, 2, zifukwa za mwana mwini zimene zingawakope amalume, 2. Mwana amene kwawo amayankhula Chinsenga akaponyamo liwu limodzi kapena awiri a kwawo, mudule mzere kunsi kwake ndi kumulembera la Chinyanja, koma musamulande malikisi a maganizo.

Nthawi taigawa motere: mphindi 20 za Gawo A, 30 za Gawo B, 25 za kalata.

Pambali pa funso lililonse limene mubweretse, lembani ndi pensulo mutu wake ndi msinkhu wake, komanso yankho. Ndilandire pofika Lachitatu la sabata ya 11. Lachinayi ana akaweruka tikumane m'kalasi ya 6B, tisinthane mapepala, aliyense aike mafunso a mnzake m'madanga asanaone zimene mwiniwake analemba ndi pensulo. Pamene tasiyana tikambirane, ndipo funso limene danga lake ladzaza kale lisungidwe m'faelo kudikira temu ina. Lachisanu pepala lipite kwa ahedi kuti asaine lisanakasindikizidwe.