Mawu othokoza pa phwando londitsanzika ku Senga Bay

Zikomo agogo, amalume, aphunzitsi anga ndi nonse mwabwera kudzanditsanzika. Loweruka ndikwera ndege ku Lilongwe kupita ku India kukaphunzira za ulimi wothirira, sikolashipu ndi ya zaka 4 ndipo fizi ndi malo ogona alipira onse.

Amayi, inu ndiye mawu akundithera, mumadzuka 4 koloko kukapikula usipa kunyanja nkumayanika padzuwa lija la Salima kuti fizi ya fomu 3 ikwane, nthawi ina munagulitsa mpaka mbuzi yomaliza osandiuza, ndinangoona khola lili gwaa. Sindinaiwale ayi.

Aphunzitsi, nyale munandibwereka pokonzekera MSCE ija ikadalipo, ndamusiyira mng'ono wanga. Ndikabwera ndithu, madzi a nyanjayi afike m'minda mwathu. Muzindipempherera. Zikomo kwambiri.