Phunziro la Zachuma: Monopole, Oligopole ndi Mpikisano Wangwiro

Ophunzira nonse, mutu wa sabata ino ambiri amauloweza pamtima n'kukalemba bwino mayeso, koma mukawaimika pakati pa msika wa Limbe sangakuuzeni kuti ali pamsika wa mtundu wanji. Ine sindikufuna kuti inu mukhale otero. Msika uliwonse muziufunsa funso ili: wogulitsa akakweza mtengo, wogula ali nako kothawira? Yankho lake ndilo limasiyanitsa misika itatu imene tikambiraneyi.

Tiyambe ndi mpikisano wangwiro. Apa ogulitsa ndi ambirimbiri, ogulanso ndi ambiri, katundu ndi wofanana, aliyense akudziwa mitengo, ndipo wofuna kuyamba kapena kusiya malondawo palibe chomutchinga. Msika wokwaniritsa zonsezi ndendende kulibe, koma mzere wa tomato ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Lunzu umayandikirako. Amayi akhala mondandana, milu yawo ndi yofanana kukula, ndipo aliyense akumva mtengo umene mnzake akutchula. Tinene kuti mulu uli pa K500. Mayi mmodzi akati wake ndi K700, kasitomala sanyinyirika n'komwe, amangosuntha mapazi awiri n'kugula kwa woyandikana naye. Kutsitsa kufika pa K400 n'kudzipweteka yekha, poti pa K500 pomwepo tomato wake akanatha. Choncho mtengo saupanga ndi iye, amaupeza pamsika. Chimene angasankhe n'kuchuluka kwa madengu amene apikule kwa alimi a ku Bvumbwe, ndipo amaonjezera mpaka ndalama imene amawononga kuti apeze mulu womaliza ifanane ndi mtengo wogulitsira. M'mabuku anu zimenezi zalembedwa kuti P = MC: P ndi mtengo wogulitsira, MC ndi ndalama yowonongedwa pa mulu womalizawo.

Phindu likakula pamsika wotere silikhalitsa. Tomato akadula m'dzinja, ogulitsa n'kumapha makwacha, ena amaona n'kuyamba nawo geniyo, alimi amadzala wambiri, mtengo n'kutsika. Pamapeto aliyense amapeza yongokwanira kubweza mpamba ndi kulipira thukuta lake. Wogula amapindula, koma musaiwale kuti kumbuyo kwa mzere wowongoka umene mumajambula pa galafu kuli mayi amene wadzuka mbandakucha, ndipo tomato akamuolera palibe womubwezera.

Monopole ndiye mbali inayo: wogulitsa ndi mmodzi, katundu wake alibe mlowam'malo wapafupi, ndipo khomo lolowera pamsikawo ndi lotseka. Muno mu Blantyre madzi a m'mipope timagula ku Blantyre Water Board, magetsi a pa nthambo ku ESCOM. Funsani chifukwa chake palibe wachiwiri. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, n'kukwezedwa mtunda wautali kudzafika kuno. Kampani ina itati ipikisane nawo, iyenera kukumba mipope yakeyake kuchokera ku Shire mpaka ku Chilomoni, Bangwe ndi Chirimba. Ndalama zake n'zosaneneka, ndipo makasitomala akagawidwa pawiri, mtengo wofikitsira lita imodzi pakhomo ungakwere m'malo motsika. Imeneyi timaitcha monopole yachilengedwe: kampani imodzi ndiyo imatumikira msika wonse motchipa kuposa ziwiri. Monopole zina zimabadwa ndi lamulo, monga momwe ADMARC inalili yokha yogula mbewu zambiri za alimi ang'onoang'ono boma lisanatsekule msikawo mu 1987, ngakhale kuti pamenepo mphamvu inali ya wogula mmodzi, osati wogulitsa.

Apa ndikufuna mudekhe, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Wamonopole sangangotchula mtengo uliwonse n'kugulitsa monga akufunira. Akakweza, anthu amachepetsa kugula. Akafuna kugulitsa zambiri, ayenera kutsitsa mtengo wa katundu yense, osati wa chowonjezeracho chokha. Tiyerekeze kuti akugulitsa matumba 10 pa K1,000 lililonse, ndiye kuti akupeza K10,000. Kuti agulitse 11 ayenera kutsitsa kufika pa K950, zonse pamodzi K10,450. Thumba la nambala 11 lamuonjezera K450 yokha, osati K950. Ngati kulipanga kumadya K600, salipanga. Koma taonani: panali munthu wokonzeka kulipira K950 pa chinthu chodya K600 kupanga, ndipo wabwerera chimanjamanja. Phindu limenelo silinapite kwa wogula, silinapitenso kwa wogulitsa, langotayika. Wamonopole amaima pamene MR = MC, kutanthauza pamene ndalama imene thumba lomaliza lamuonjezera yafanana ndi imene kulipanga kumadya, ndipo pamenepo katundu amakhala wochepa, mtengo uli pamwamba pa MC. Vuto lenileni la monopole ndi limeneli, osati kungoti mwini wake akulemera.

N'chifukwa chake boma silisiya makampani oterewa kuti adziikire mitengo. ESCOM ikafuna kukweza mtengo wa magetsi imakapempha ku MERA. Ndipo mu 2017 ntchito yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira inachotsedwa ku ESCOM n'kupatsidwa kwa EGENCO, kuti makampani ena athenso kupanga magetsi n'kumagulitsa. Kumeneko kunali kulekanitsa gawo lotheka kupikisana ndi gawo la nthambo, limene ndi monopole yachilengedwe.

Oligopole ili m'thumba mwanu momwemo. Ambiri a inu muli ndi simu ya TNM kapena ya Airtel, ena zonse ziwiri. Ogulitsa ndi ochepa, akuluakulu, ndipo kulowapo n'kovuta: pafunika chiphaso cha MACRA ndi nsanja m'dziko lonse. Shuga nayenso ali choncho. Kwa zaka zambiri Illovo, ndi mafakitale ake a ku Nchalo ndi Dwangwa, inali pafupifupi yokha, kenako kunabwera Salima Sugar. Chosiyanitsa oligopole ndi misika inayo n'chakuti aliyense amachita zinthu akuyang'ana mnzake. Mayi wa tomato saganizira zimene wogulitsa wa ku Zingwangwa achite, wamonopole alibe mnzake woti amuganizire, koma kampani ya foni isanatsitse mtengo wa bandulo imayamba yadzifunsa kuti inayo iyankha bwanji. Ikatsitsa, inayo itsitsanso, onse n'kutsala ndi makasitomala omwewo koma ndalama zochepa. Ikakweza yokha, anthu asamukira kwinako. Motero mitengo imakonda kuyendera limodzi, ndipo mpikisano umapita ku zotsatsa malonda, mabonasi ndi mipikisano yopatsa mphoto.

Chiyeso chachikulu pamsika wotere ndi kugwirizana mobisa kuti onse akweze mtengo, azidya ngati monopole imodzi. Mgwirizano wotere umavuta kuusunga, chifukwa aliyense amapindula akatsitsa mwakabisira anzake akadali pamwamba. Komanso ndi mlandu: bungwe la CFTC linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1998 la mpikisano ndi chilungamo pa malonda kuti lizithana ndi zoterezi. Chenjerani polemba: kufanana kwa mitengo pakokha si umboni wa chiwembu. Mitengo ya tomato ija imafanananso, chonsecho palibe anapangana.

Ntchito ya Lachisanu ndi iyi. Pitani pa siteji ya kabaza wa njinga zamoto imene muli nayo pafupi, mufunse mwaulemu mtengo wa ulendo umodzi womwewo kwa oyendetsa asanu, mufunsenso zimene munthu watsopano amayenera kuchita kuti aloledwe kuima pamenepo. Mulembe tsamba limodzi lofotokoza ngati msikawo ukuyandikira mpikisano wangwiro kapena ngati malamulo a pa sitejiyo akuusandutsa china, ndipo chifukwa chilichonse chimene mupereke chichokere pa zimene mwamva ndi makutu anu.