Ndemanga pa makina olandira mafulemu: tisiye bainale, titenge wanihoti

Achimwene,

Ndawerenga khodi yanu ya `rx_ctrl` pamodzi ndi lipoti la nthawi lomwe munatumiza dzulo. Kayendedwe ka masiteti kali bwino ndipo sindikhudzako. Chachikulu chomwe ndikupempha kuti tisinthe ndi mzere uwu:

```verilog
(* fsm_encoding = "binary" *) reg [3:0] state;
```

Pambali pake mwalemba kuti mwasankha bainale pofuna kusunga mafilipifulopu. Masamu anuwo ndi olondola. Makinawa ali ndi masiteti 12, ndipo kuti siteti iliyonse ikhale ndi nambala yake mu bainale pamafunika mabiti `ceil(log2(12)) = 4`. Mu wanihoti siteti iliyonse imapatsidwa filipifulopu yakeyake, imodzi yokha n'kukhala pa 1 zina zonse zili pa 0, ndiye tikanadya 12. Mwapulumutsadi zisanu ndi zitatu. Koma koloko yathu ndi ya 100 MHz, kutanthauza kuti sigino ili ndi mananosekondi 10 kuti ichoke pa filipifulopu imodzi n'kukafika pa ina, ndipo lipoti lanu lomwe likuonetsa kuti njira yaitali kwambiri ikuchedwa ndi pafupifupi nanosekondi imodzi. Njirayo ikuyambira pa `state[1]`, kudutsa ma LUT anayi otsatizana, timatebulo tomwe tchipu chimapangira lojiki, n'kukathera pa `state[3]`. Mafilipifulopu asanu ndi atatu aja tikuwalipira pamenepo.

Tiyang'ane tchipu chomwe tili nacho. Mu FPGA ya iCE40 kachipinda kalikonse ka lojiki kali ndi LUT imodzi ya zolowa zinayi ndi filipifulopu imodzi, zomangidwira limodzi. Mukagwiritsa ntchito LUT yokha, filipifulopu ya m'kachipindako imangokhala phee, palibe wina angaibwereke. Choncho chomwe chimatha pa tchipu chotere ndi tizipinda, ndipo amene amadya tizipinda kwambiri ndi lojiki. M'matchipu a 7-series a Xilinx mafilipifulopu ndiye ochuluka zedi: silaisi imodzi ili ndi ma LUT anayi a zolowa zisanu ndi chimodzi, mafilipifulopu asanu ndi atatu. Kuumira filipifulopu pa FPGA kuli ngati kuumira madzi uli m'mbali mwa nyanja.

Vuto la bainale lili pa lojiki yowerengera siteti yotsatira. Kuti makina adziwe kuti ali mu `DATA`, ayenera kuyang'ana mabiti onse anayi a `state`. Pa LUT ya zolowa zinayi, ndiye kuti LUT yadzadza kale tisanafunse n'komwe ngati baiti yafika kapena ayi. Ndipo biti iliyonse ya siteti yotsatira ilibe tanthauzo payokha. `next[3]` imakhala 1 pa masiteti onse a nambala 8 mpaka 11, choncho lojiki yake iyenera kusonkhanitsa mivi yonse yolowera m'masiteti anayiwo, muvi uliwonse ndi mabiti ake anayi kuphatikizapo zolowa zake. `next[0]` ndi `next[1]` ndizo zoipitsitsa, chifukwa iliyonse imanyamula theka la masiteti onse. Chida cha sinthesisi chimayesetsa kufupikitsa, ndipo nambala zikagawidwa mwanzeru chimapezako mpata, koma nambala zanu mwangozindandalika 0 mpaka 11 malinga ndi momwe masitetiwo anabwerera m'mutu.

Mu wanihoti funso loti "kodi tili mu `DATA`?" ndi waya umodzi. Lojiki ya filipifulopu iliyonse mumaiwerenga pachithunzi cha masiteti chomwe: tengani mivi yonse yolowa mu sitetiyo, muvi uliwonse ndi siteti yochokerako AND chifukwa chosamukira, kenako muiphatikize yonse ndi OR. `DATA` yathu ili ndi mivi iwiri, wochokera ku `LEN` ndi wobwerera pa iyo yokha:

```verilog
assign next[DATA] = (state[LEN]  &  len_ok)
                  | (state[DATA] & ~last);
```

Zolowa zinayi, LUT imodzi, ndipo filipifulopu ya `DATA` ikukhala m'kachipinda komweko. Mtengo wake wonse ndi kachipinda kamodzi. Zotuluka nazo zimapepuka. `fifo_we` yanu, yomwe pano ikuyamba ndi kuyerekeza `state == 4'd5`, isanduka `state[DATA] & byte_valid` basi.

Usiku ndinayesa ndekha posintha mzere uja kukhala `"one-hot"` ndi kuyendetsanso Yosys, chida chathu cha sinthesisi. Mafilipifulopu akwera kufika 12, monga tinayembekezera, koma tizipinda tonse ta `rx_ctrl` tatsika, ndipo nthawi yakwana ndi kotsala. Chondiseketsa n'choti mukanapanda kulemba chilichonse pamzerepo, Yosys ikanasankha yokha wanihoti pa makina aang'ono ngati awa. Mwachita kuikaniza.

Musatenge ngati ndikunena kuti wanihoti ndi mankhwala a matenda onse. Mu makina athu omwewa muli malo amodzi pomwe sikutithandiza kwenikweni, pa `ERR`. Masiteti asanu ndi anayi ali ndi muvi wopita kumeneko, uliwonse ndi chifukwa chake, ndiye zolowa zikukwana 18. Mizere iwiri ya ma LUT a zolowa zinayi imanyamula zolowa 16 zokha, choncho apa tikhala ndi mizere itatu, tifune tisafune. Kuya kwa lojiki mu wanihoti kumatsata kuchuluka kwa mivi yolowa mu siteti imodzi, osati kuchuluka kwa masiteti onse. Makina omwe siteti iliyonse imatha kulumphira ku ina iliyonse sapindula kwambiri ndi wanihoti. Athuwa ndi a mzere wowongoka wokhala ndi tinthambi tochepa, n'chifukwa chake akupindula. Ngati `ERR` idzayamba kuvuta tikadzakweza koloko, zifukwa zomwe zikufanana, monga kutha kwa nthawi yodikira, tidzaziphatikiza kukhala sigino imodzi yodutsa pa filipifulopu yake.

Kauntala ya mabaiti, `byte_cnt`, muisiye mu bainale. Nayo ndi makina a masiteti ndithu, koma masiteti ake ndi 256: mabiti 8 mu bainale, mafilipifulopu 256 mu wanihoti. Komanso lojiki ya "onjezera 1" ili ndi njira yakeyake yachangu m'tchipumo. Kusiyana kwa `N` ndi `log2(N)` n'kochepa pa 12, koma pa mazana kumakula moopsa.

Pa matchipu ena chiweruzo chimatembenuka, ndipo ndikuganiza kuti chizolowezi chanu chachokera kumeneko. Mu CPLD makiroselo iliyonse ili ndi filipifulopu imodzi kumbuyo kwa lojiki yotakata ya AND ndi OR, ndipo makiroselowo ndi owerengeka; pa tchipu cha makiroselo 32, kupereka 12 ku siteti yokha n'kuwawa, pomwe kuwerenga mabiti anayi nthawi imodzi sikuvuta konse. Mu ASIC filipifulopu imatenga malo a mageti angapo ndipo iliyonse ndi katundu wina pa waya wa koloko, wodya magetsi ngakhale siteti isakusintha. Kumeneko munthu amayesa njira zonse ziwiri n'kuona manambala. Kumbali ina, wanihoti imasintha mabiti awiri okha pa kusamuka kulikonse, wina kuzima wina kuyaka, pomwe bainale pochoka pa `0111` kupita pa `1000` imatembenuza onse anayi.

Chomwe ndikufuna tikambirane mofatsa tisanasinthe ndi manambala osaloledwa. Mabiti anayi amapereka manambala 16, ife tikugwiritsa ntchito 12, otsala ndi 4, ndipo kuwabweza onse ku `IDLE` n'kotchipa. Mabiti 12 amapereka 4096, ololedwa 12 okha, otsala 4084. Makina akagwera pa ziro yense, palibe siteti yoyaka, palibe muvi womwe ungayende, angoti zii mpaka wina awazimitse. Akagwera pa mabiti awiri oyaka, ayenda njira ziwiri nthawi imodzi. `default: next = IDLE;` yomwe mwalemba musaidalire, chifukwa chida chikazindikira makinawo n'kugawanso manambala, masiteti osafikika chimatha kuwataya pamodzi ndi lojiki yawo. N'chifukwa chake pa zida zina za sinthesisi, Vivado ili ndi `fsm_safe_state` ndipo Quartus imalola `safe` mu `syn_encoding`. Kumanga lojiki yoyang'ana mabiti onse 12 pa muvi uliwonse kungabweze kuchedwa komwe tikuthawa.

Koma taonani mbali yabwino ya nkhani yomweyi. Manambala awiri aliwonse a wanihoti amasiyana pa mabiti awiri, choncho biti imodzi ikatembenuka mwangozi timagwera pa nambala yosaloledwa, ndipo XOR ya mabiti onse, yomwe iyenera kukhala 1 nthawi zonse, imasanduka 0. Mu bainale biti imodzi ikatembenuka, kawirikawiri mumagwera mu siteti ina yololedwa, makina n'kumapitiriza ngati palibe chachitika. Ndikupempha tiike XOR imeneyo pambali, zotuluka zake zidutse pa filipifulopu kenako zikakoke liseti ya `rx_ctrl`. Ikhala kunja kwa njira yothina ija, ndipo kuchedwa kwa kugunda kumodzi kapena kuwiri kwa koloko tisanabwerere ku `IDLE` sikutipweteka; fulemu imodzi itayika, wotumiza abwereza. Kuti XOR ikhale ndi mabiti oti iwerenge, komanso kuti chida chisaichotse poiona ngati yosasintha, wanihotiyo tiilembe ndi manja monga ndaonetsera pa `DATA`, ndipo pa `state` tiike `fsm_encoding = "none"`.

Polemba ndi manja samalani chinthu chimodzi chomwe chinandigwirapo ine kale. Mukalemba `case (state)` n'kuika manambala athunthu ngati `12'b000000100000`, mwapempha kuyerekeza mabiti onse 12 pa siteti iliyonse, ndipo mudzakhala ndi mafilipifulopu a wanihoti pamodzi ndi lojiki yolemera kuposa ya bainale. Yang'anani biti imodzi yokha, kaya ndi `assign` ngati pamwambapa kapena ndi `case (1'b1)`. Kumbukiraninso kuti mafilipifulopu a iCE40 amadzuka ali pa 0, ndipo ziro yense si siteti, choncho liseti iyenera kuyatsa biti ya `IDLE`. Quartus imazemba vutoli potembenuza biti ya siteti yoyambira, n'chifukwa chake m'malipoti ake siteti imeneyo imaoneka ngati maziro okhaokha.

Ndaonanso kuti `link_up` ikuchokera pa pini n'kulowa molunjika mu lojiki ya siteti. Ikasintha pafupi ndi kugunda kwa koloko, filipifulopu ya `IDLE` ikhoza kuona 1 n'kuzima pomwe ya `SYNC` yaona 0 n'kukana kuyaka, ndiye ziro yense uja wafika. Mu bainale ngoziyi inalipo kale, kungoti inkabisala ngati kulumphira mu siteti yolakwika. Idutse kaye pa mafilipifulopu awiri otsatizana. M'mayeso onjezerani mzere uwu:

```systemverilog
assert property (@(posedge clk) disable iff (rst) $onehot(state));
```

Mukamaliza munditumizire lipoti la nthawi latsopano ndi chiwerengero cha tizipinda, makamaka njira yopita ku `ERR`, kuti tione ngati yatsala ndi mpata wokwanira tisanaike pa bolodi Lachinayi.

Zikomo achimwene.